Malata kapena matailosi adothi? Funso la denga kumalo otentha komanso a mvula yambiri

Funsoli nthawi zambiri limabwera mochedwa, makoma atatha kale, bimu atathira, kalipentala akufunsa kuti nanga pamwambapa tifolera chani. Ndiye wina amati malata amatentha ngati uvuni komanso mvula ikamagwa simumvana m'nyumba, winanso amati matailosi amalemera, amadontha, akasweka ndi mavuto. Onse awiri sakunama, koma aliyense wagwira mbali imodzi. Vuto ndi loti timakambirana ngati tikusankha mtundu wa malaya, chonsecho chimene wafolera chimalamula zinthu zina zonse za pansi pake, kupendekeka kwa denga, kuchuluka kwa matabwa, ngakhale mphamvu ya khoma. Ndiye tiyeni titenge nyumba imodzi yongoyerekeza, ya mamita 8 m'lifupi ndi mamita 12 m'litali, denga lotsetsereka mbali ziwiri, lotulukira kunja kwa khoma ndi masentimita 60 mbali zonse, tiziyesa chilichonse pa nyumba yomweyo.

Kodi lata ndi chani kwenikweni

Lata ndi chitsulo chopyapyala kwambiri, nthawi zambiri osafika theka la milimita, chomwe achipinda mizeremizere kenako n'kuchikuta kuti chisachite dzimbiri. Kupindako si kukongoletsa ayi. Tengani pepala, ligwireni mbali imodzi, limangowerama, koma mukalipindapinda limaima nji mpaka mutha kuikapo pensulo pamwamba. Ndi nzeru yomweyo. Amene analembetsa luso limeneli ndi injiniya wina wa ku London, Henry Robinson Palmer, mu 1829, ndipo ankafuna kufolera mashedi aakulu a katundu padoko popanda kuunjika matabwa ambirimbiri. Malata oyambirirawo ankachita dzimbiri msanga, mpaka njira yoviika chitsulo mu zinki yosungunula inafalikira, ndipo Stanislas Sorel wa ku Falansa ndi amene anailembetsa cha m'ma 1837.

Zinki imagwira ntchito modabwitsa pang'ono. Siingophimba chitsulo ngati utoto, imalolera kudyeka iyoyo kuti chitsulo chitsale, moti ngakhale lata likalike pang'ono zinki ya m'mbali mwa pokalikapo imatetezabe. Ndiye moyo wa lata uli pa kuchuluka kwa chokutiracho. Mukaona palembedwa Z275 ndiye kuti pa sikweya mita imodzi pali magalamu 275 a zinki mukaphatikiza mbali zonse ziwiri. Kuyambira mu 1972 kunabwera mtundu wina, uja amati aluzinki, wosakaniza aluminiyamu 55 pa 100 iliyonse, zinki 43 ndi kanthu, ndi silikoni pang'ono, ndipo umalembedwa ngati AZ150. Umenewu pamalo ambiri umapirira nthawi yaitali kuposa zinki yokha, koma uli ndi adani ake, tiwaona kutsogoloku.

Nkhani ya geji ndi imene imasokoneza anthu ambiri chifukwa nambala zake zimayenda chobwerera m'mbuyo, geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 30, ndipo 32 ndi kapepala basi. Komanso geji imodzi yomweyo siifanana ndendende kwa opanga onse, ndiye ine ndimaona kuti ndi bwino kufunsa mamilimita. Lata la 0.4 ndi la 0.25 ukaliyang'ana uli patali n'chimodzimodzi, koma ukaliponda kapena mphepo ikalikoka pa msomali mpamene umadziwa.

Nanga tailosi yadothi

Iyi ndi mbale wake wa njerwa, dothi loumba n'kuliotcha pa moto wa madigiri pafupifupi 1,000 mpaka lisinthe, lisasungunukenso ndi madzi. Ndi yakale kwambiri kuposa lata. Ku Lerna m'dziko la Girisi kuli mabwinja a nyumba yomwe inafoleredwa ndi matailosi ootcha zaka zoposa 4,000 zapitazo. Koma mtundu umene anthu ambiri amauganiza lero, uja wokhala ndi timizere m'mbali toti ina ikolane ndi inzake, ndi wa posachedwa, anaulembetsa ndi abale awiri a banja la Gilardoni ku Altkirch m'chigawo cha Alsace ku Falansa mu 1841. Unafalikira kudzera ku mzinda wa Marseille ku Falansa komweko, ndipo ku India amishoni a Basel anatsegula fakitale yake ku Mangalore cha m'ma 1865, dera lotentha lomwe mvula yake imagwa ngati akuchita kukhuthula. Ndatchula zimenezi dala, kuti amene amati tailosi siingathe mvula yambiri adziwe kuti madenga amenewa akhala akupirira mvula ya kumeneko kwa zaka zoposa 150.

Kusiyana kwakukulu ndi uku. Denga la malata lili ngati ambulera, chinthu chachikulu chokhala ndi molumikiza mochepa. Denga la matailosi lili ngati mamba a nsomba kapena nthenga za nkhuku, tizidutswa masauzande tosanjikizana, ndipo palibe chomata pakati pake, madzi salowa chifukwa choti akuthamanga kutsika basi. Mukaigwira mfundo imeneyi zina zonse zikhala zosavuta.

Chenjezo pang'ono, sikuti chilichonse chooneka ngati tailosi ndi chadothi. Pali a simenti, omwe amalemera mofanana ndi adothi, ndiye palinso aja achitsulo omwazidwa timiyala pamwamba, amenewo ndi malata ovala suti, opepuka, ndipo malamulo ake ndi a malata.

Kupendekeka kwa denga

Popeza tailosi imadalira kuti madzi athamange, imafuna denga loimirira. Okolana aja nthawi zambiri amafuna madigiri pakati pa 22 ndi 30 kapena kuposa, kutengera mtundu, ndipo aja osalala opanda mizere amafuna 35 kupita m'mwamba. Malata a mizere yozungulira amatheka pa madigiri 10 mpaka 15, pomwe a mizere yakuya ya makona ngati IBR amatsika mpaka 5 ngati lata ndi limodzi kuchoka pamwamba kufika pansi.

Chimachitika n'chani denga likagona kwambiri? Zinthu ziwiri. Choyamba mphepo imakankha madzi chokweza, amalowa pansi pa tailosi ya pamwamba n'kudumpha kamzere kaja. Chachiwiri, madzi akapezeka pakati pa zinthu ziwiri zogundana amakwera okha, ngati mmene mafuta amakwerera pa chingwe cha nyali. Zimenezi zimachitikanso pa malata, n'chifukwa chake polumikiza lata la kumtunda ndi la kumunsi pamafunika kusanjikiza masentimita 15 mpaka 20, ndipo denga likakhala logona amawonjezera mpaka 25 kapena 30. M'mbali, malata a mizere yozungulira amasanjikiza mzere umodzi ndi theka. Mmisiri wofuna kupulumutsa lata limodzi amasanjikiza mzere umodzi wokha, ndiye mvula yodekha sipadontha, koma ikabwera ya mphepo mumangoona mizere yonyowa pa siling'i yotsatana ndi molumikiza malata, umenewo ndiye umboni wake.

Pa nyumba yathu ija, kuchokera pakhoma kufika pakati ndi mamita 4. Denga la madigiri 15 limakwera mita imodzi ndi masentimita ochepa, la madigiri 30 limakwera mamita 2.3. Kukula kwa malo ofolera kumasinthanso, mukayang'ana kuchokera kumwamba denga lonse ndi masikweya mita 121, koma likapendekeka pa 15 limakhala 126, pa 30 limakhala 140. Ndiye musanagule n'komwe chofolera, tailosi yakuwonjezerani kale masikweya mita 14, mapaso ataliatali, ndi khoma la m'mbali lotalikirapo. Koma yakupatsaninso mpata waukulu pakati pa denga ndi siling'i, ndipo umenewu ndi phindu pa nkhani ya kutentha.

Madzi okhawo ndi ofanana kaya mwafolera chani. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Chimvula cha mamilimita 50 pa ola, chomwe kumadera otentha si chachilendo, chimathira malita opitirira 6,000 pa denga limeneli, malita 100 pa mphindi iliyonse. Madenga ambiri odontha sadontha pakati penipeni pa lata kapena pa tailosi, amadontha m'makwawa momwe mbali ziwiri za denga zimakumana, pamsonga, ndi pomwe denga lagundana ndi khoma, chifukwa ndi momwe madzi onsewa amasonkhana. Denga la makona ambirimbiri lija lingakongole bwanji, khwawa lililonse ndi malo oyembekezera vuto.

Kulemera, pomwe pagona nkhani

Apa ndiye ndikufuna tikhalitse. Lata la mamilimita 0.4, mukaphatikiza mizere ndi mosanjikiza, limalemera pafupifupi makilo 4 pa sikweya mita. Matailosi okolana a mtundu wa Marseille amalowa pafupifupi 15 pa sikweya mita, iliyonse makilo atatu kapena kucheperako pang'ono, ndiye tinene makilo 45. Pa nyumba yathu, malata ndi 126 kuchulukitsa ka 4, makilo 500 basi, theka la tani. Matailosi ndi 140 kuchulukitsa ka 45, makilo 6,300, matani oposa 6. Ndi ngati mwaimika magalimoto ang'onoang'ono asanu pamwamba pa nyumba n'kuwasiya pomwepo zaka 50. Ndipo mvula ikagwa masiku angapo dothi limamwa madzi, kulemera kumawonjezekanso.

Katundu ameneyu ayenera kupeza njira yofikira pansi. Tailosi iliyonse imakola pa kathabwa kopingasa, ndipo timatabwa timeneti timatalikirana masentimita 33 kapena pafupi pamenepo kutengera kutalika kwa tailosi, ndiye denga lathu likufuna mamita oposa 400 a timatabwa. Malata amagona pa matabwa opingasa otalikirana mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, mamita 130 akwana, ngakhale matabwa ake amakhala okulirapo. Mathilasi nawo, a malata amatha kutalikirana mamita 1.2, omwe pa kutalika kwa denga lathu ndi 12, pomwe a matailosi amayandikana pa masentimita 60 mpaka 76, ndiye akhala 18 kapena kuposa. Matailosiwo ndi 2,100, kuwonjezapo ena zana limodzi oti adzasweka m'njira ndi podula, ndi ena osunga.

Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri ndi choti munthu anakonza zofolera ndi malata, mathilasi akhomedwa kale, kenako waona nyumba ya matailosi yamusangalatsa, wasintha maganizo. Mmisiri wongofuna ntchito amati zitheka bwana, tingowonjezera timatabwa. Chaka choyamba zimaonekadi bwino. Koma thabwa likasenza katundu nthawi yaitali limapitiriza kuwerama pang'onopang'ono, makamaka ngati linali laliwisi pokhoma kapena mpweya ndi wa chinyezi. Mukaima patali n'kuyang'ana msonga wa denga mumaona wapindika pakati ngati msana wa bulu, mizere ya matailosi yayamba kuyenda mokhotakhota, ndipo denga likawerama matailosi sakolananso bwino, pamatseguka timipata, kudontha kumayamba, madziwo amaoletsa thabwa lomwe lawerama kalelo. M'kati mumaona siling'i ikung'ambika, zitseko za pakati zikukakamira, mwinanso mng'alu pamwamba pa khoma chifukwa mapaso akukankhira khoma kunja. Kuchoka pa matailosi kupita ku malata n'kosavuta pa nkhani ya kulemera. Kuchoka pa malata kupita ku matailosi popanda injiniya kuwerengera, ine ndiye ayi.

Koma kupepuka nakonso kuli ndi mtengo wake, ndi mphepo. Anthu amaganiza kuti mphepo imakankha denga, koma kwenikweni imaliyamwa chokweza, monga mmene imanyamulira phiko la ndege. Mphepo ya makilomita 108 pa ola ili ndi mphamvu yofanana ndi makilo pafupifupi 55 pa sikweya mita, ndipo m'makona ndi m'mphepete mwa denga kuyamwako kumaposa pamenepo. Lata la makilo 4 palokha silingalimbane nazo, limadalira msomali, msomali umadalira thabwa, thabwa limadalira thilasi, thilasi imadalira waya kapena lamba wachitsulo womangidwa mu bimu ya konkire. Ndi tcheni, ikaduka pamodzi denga lonse limapita kwa aneba lathunthu. Taonaninso kuti 55 yaposa 45, ndiye tailosi nayonso siingadalire kulemera kokha, mizere ya m'mphepete ndi ya pamsonga iyenera kukhomedwa kapena kumangidwa ndi waya iliyonse. Kusiyana kwake, matailosi amachoka amodziamodzi ndipo mphepo imapumira m'mipata yake, malata amachoka onse pamodzi. Kumadera a zivomerezi nkhani imatembenuka, denga lolemera limakankha makoma mwamphamvu kwambiri nthaka ikagwedezeka.

Kutentha

Tsopano funso lomwe aliyense amayambira. Masana dzuwa lili paliwombo, sikweya mita iliyonse imalandira mawati pafupifupi 1,000. Denga limachita zinthu zitatu ndi mphamvu imeneyi, ina limaibweza kumwamba, ina limaisunga, ina limaitumiza pansi kwa inu.

Lata lili ngati chiwaya chopyapyala, tailosi ili ngati mphika wadothi. Chiwaya chimatentha nthawi yomweyo, mukachiphula chimazizira nthawi yomweyo. Mphika umachedwa kutentha koma umachedwanso kuzizira. Kuti sikweya mita ya matailosi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi ka 20 kuyerekeza ndi lata. N'chifukwa chake lata dzuwa likangotuluka mumtambo mumalimva pamutu, ndipo lakuda kapena la dzimbiri limafika madigiri 60 mpaka 70.

Koma pali bodza laling'ono lomwe limayenda, loti dothi limatchinga kutentha. Zoona dothi lootcha limadutsitsa kutentha mochedwa ka 50 kuposa chitsulo, koma tailosi ndi yopyapyala, sentimita imodzi ndi theka mwinanso osafika. Masentimita 5 a ubweya wagalasi uja amayala pa siling'i amatchinga kutentha kuposa tailosi maulendo oposa 50. Tailosi yofiira yokhala padzuwa tsiku lonse imatentha ndithu, ikhudzeni cha m'ma 2 koloko muone. Chimene chimathandiza kwambiri pa denga la matailosi ndi mipata ija, mpweya wotentha umatulukira m'molumikiza masauzande aja, kuphatikiza kuimirira kwa denga komwe kumaika chinthu chotenthacho kutali ndi mutu wanu. Ndiye tikayerekeza nyumba ziwiri zopanda siling'i, ya matailosi masana imakhala yozizirirapo, izi palibe wotsutsa. Usiku zimasintha, lata limazizira dzuwa likangolowa pomwe tailosi imatulutsabe kutentha kwa kanthawi, ndipo kumalo a chinyezi komwe usiku sikuzizira kwenikweni, amene amagona msanga amazimva.

Mtundu wa pamwamba ndi umene anthu amaupeputsa. Utoto woyera umabweza magawo awiri mwa atatu a dzuwa kapena kuposa. Tailosi yofiira imabweza pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Lata lakuda, lija lili m'fasho, limabweza pang'ono zedi, pafupifupi zonse limameza. Ndiye lata loyera litha kukhala lozizira kuposa tailosi yofiira, ndipo lata lakuda ndi lotentha kuposa onse. Lata latsopano lonyezimira lopanda utoto limabwezanso bwino, koma likayamba kuthimbirira ndi dzimbiri limasanduka ngati lakuda, n'chifukwa chake nyumba yomwe inali bwinobwino ili yatsopano imayamba kuotcha pakapita zaka.

Mukangoika siling'i, kusiyana kwa malata ndi matailosi kumachepa kwambiri, ndipo mukawonjezera chotchinga kutentha kumatsala pang'ono kutheratu. Pali foyilo yonyezimira ija imayalidwa pansi pa denga, imabweza kutentha kochokera ku lata kapena tailosi, koma imagwira ntchito pokhapokha mbali yonyezimirayo yayang'ana mpata wa mpweya wa masentimita awiri kapena atatu. Mukaimata mbali zonse ndiye mwangotaya ndalama, ndipo mbali yoyang'ana kumwamba ikadzaza fumbi imafooka. Kenako mpweya wa pakati pa siling'i ndi denga uyenera kukhala ndi polowera kumunsi m'mphepete ndi potulukira kumtunda. Ambiri amatseka ponseponse poopa mileme ndi makoswe, ndiye amapanga uvuni weniweni pamwamba pa chipinda chogona. Sefa yawaya imathetsa za milemezo popanda kutseka mpweya.

Phokoso ndi thukuta

Izi ndidutsa mwachangu. Lata ndi ng'oma, dontho likamenya limanjenjemera lonse, pomwe tailosi ndi yolemera siinjenjemera. Lata lokhuthala limasokosera pang'ono, siling'i imachepetsa, ubweya wagalasi wogundana ndi lata umachepetsa kwambiri, koma kufika pa bata la matailosi n'kovuta. Palinso kuthetheka kuja kwa masana, lata la mamita 6 limatalika ndi mamilimita atatu likatentha, ndiye limakhulana ndi misomali, ndipo pakapita zaka kuyenda kumeneku kumakulitsa mabowo.

Thukuta ndi lija mumadzuka m'mawa madontho ali pa bulangete chonsecho mvula sinagwe. Usiku wopanda mitambo lata limazizira kuposa mpweya, chinyezi cha m'nyumba chimasanduka madzi kunsi kwake ngati pa botolo lochokera mu fuliji. Muzindikira kuti si kudontha chifukwa madontho amakhala paliponse, m'mawa mokha. Dothi limamwa thukutalo n'kulitulutsa masana, ndiye vutoli ndi la malata kwambiri.

Mmene chilichonse chimafera

Lata limafa ndi dzimbiri, ndipo limayambira m'malo odziwika, pa misomali, m'mphepete modula, mosanjikizana momwe madzi amakhalitsa, ndi pomwe masamba aunjikana. Zina timazipha tokha lisanakwere n'komwe padenga. Malata osanjikiza pansi akanyowa mkati amachita ufa woyera, imeneyo ndi zinki ikudyeka. Kudula ndi galayinda kumaotcha chokutira ndipo tizitsulo totentha timagwera palata n'kusanduka timadontho ta dzimbiri, sizasi ya malata ndiyo yoyenera. Aluzinki uja sagwirizana ndi simenti yaiwisi, ndiponso matabwa othiridwa mankhwala a chiswe okhala ndi kopa amamudya pogundana ngati pali chinyontho, pamafunika kuikapo chotchinga pakati. Pafupi ndi nyanja ya mchere chilichonse chimafulumira. Msomali umakhomedwa pamwamba pa mzere osati m'khwawa modutsa madzi, ndipo karabala ka pansi pa mutu wake kamauma ndi dzuwa lata lisanathe, ndiye denga lambiri lomwe anthu amati latha limangofuna masikuluwu atsopano.

Tailosi siichita dzimbiri, yootcha bwino imatha kupitirira zaka 50 mpaka 100, koma mawu ofunika ndi oti yootcha bwino. Yosapsa imamwa madzi ngati siponji, imadontha thukuta kunsi mvula ikakhalitsa, imamera ndere msanga, imafumbutuka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Igwireni m'mwamba muigogode ndi kachitsulo, yakupsa imalira ngwee ngati belu, yosapsa kapena ya mng'alu wobisika imangoti phu. Tengani zingapo muziyale pansi mosanjikiza muone ngati zikukolana popanda kugwedera, chifukwa dothi limapindika mu uvuni. Kenako tengani imodzi, mangani kampanda ka phula kapena dongo pamwamba pake, thiranimo madzi, isiyeni tsiku lathunthu. Kunsi kukangoda ndi chinyezi si vuto lalikulu, koma kukapanga dontho isiyeni. Muonenso timiyala toyera m'dothimo, ndi laimu, ikamwa madzi imatupa n'kuphulitsa kachidutswa.

Koma chimene chimapha denga la matailosi nthawi zambiri si tailosi, ndi za pansi pake. Timatabwa tija ndi tating'ono, chiswe ndi kuola zimatimaliza tailosi ikadali yatsopano. Pepala losalowa madzi lomwe limayalidwa pansi pa matailosi kuti ligwire madontho olowa ndi mphepo nalonso limatha msanga kuposa dothi, ndipo kulisintha ndi kutsitsa denga lonse n'kuyalanso. Wina wokwera kukamanga dishi kapena sola akaponda pakati pa tailosi m'malo moponda kumunsi pomwe pali thabwa, waswa zitatu osanena. Ubwino wake yosweka mumangosolola imodzi n'kulowetsa ina, bola mtundu womwewo ukupezekabe, paja ndinati musunge ena.

Za mphezi, poti wina afunsa ndithu, lata silikoka mphezi. Mphezi imasankha chinthu chachitali pamalopo, osati chimene wafolera.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Funso loyamba ndi loti tikuyerekeza chani ndi chani. Tikayerekeza lata lopanda kanthu ndi tailosi yopanda kanthu yankho la kutentha ndi lodziwika, koma ndalama zomwe zikanapita ku matabwa owonjezera a matailosi zikapita ku lata loyera, foyilo ndi siling'i yabwino, ndi nyumba iti imakhala yozizira chaka chonse? Amisiri ndi mainjiniya amasiyana maganizo, ndipo yankho limatengera ngati nyumbayo mumakhala anthu masana kapena imangogonedwa usiku.

Lachiwiri ndi la utoto woyera. Umagwira ntchito uli woyera, koma kumalo a chinyezi fumbi ndi nkhungu zimaudetsa m'zaka zochepa, ndiye phindu lake limatsala lochuluka bwanji ngati palibe wokwera kukatsuka? Tailosi nayonso imada ndi ndere, ena amati ndere n'zosavulaza, ena amati zimasunga madzi ndi kutseka timizere tokolana.

Lachitatu ndi la zaka. Tailosi ya zaka 80 pa matabwa a zaka 25, kodi tiwerenge ziti? Ndipo lata lomwe mungalisinthe kawiri pa nthawi imeneyo, tiziwerengera mtengo wa lero kapena wa moyo wonse wa nyumba, pomwe mwini wake mwina ndalama ali nazo ndi za lero zokha?

Palinso ya chilengedwe, yomwe mbali zonse zili ndi mlandu. Chitsulo chimadya moto wambiri pa kilo koma makilo ake ndi 500 ndipo chimasungunulidwanso, dothi limadya wochepa pa kilo koma makilo ake ndi 6,300, ndipo ngati uvuni wake ndi wa nkhuni ndiye ndi mitengo ingati, kuphatikizapo mathilasi 6 owonjezera aja. Kwa okolola madzi a mvula, lata limapereka madzi ambiri chifukwa silimwa ndipo limatsukika msanga, koma pali mafunso pa zomwe utoto ndi chokutira zimasiya m'madzimo zikamakalamba, pomwe tailosi imamwako ena ndipo ndere ndi zinyalala za m'mipata zimatsikira mu thanki.

Ndiye pali funso la mmisiri. Madigiri a kupendekeka olembedwa ndi opanga matailosi ambiri anayesedwa pa denga lokhomedwa mowongoka bwino, timatabwa totalikirana ndendende. Kalipentala amene wakhala akukhoma malata moyo wake wonse akaphonya ndi sentimita imodzi pa kathabwa kalikonse, kodi madigiri 25 akwanabe pa mvula ya mphepo, kapena muwonjezere mpaka 30 kapena 35 kuti mudziteteze, n'kuvomera matabwa ndi matailosi ena owonjezera?